Tinabweza magawo atatu, ngongole n'kukula: nkhani ya makina ofinyira mafuta ku Mchinji

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama za magulu a alimi ndi mabizinesi ang'onoang'ono m'boma la Mchinji. Nkhani iyi ndi ya gulu lina la alimi a mpendadzuwa ndi soya lomwe lili chakufupi ndi Kamwendo. Dzina lake sinditchula, ndipo bungwe lakunja limene linawabwereka ndalama sindilitchulanso, chifukwa palibe amene anabera mnzake. Zonse zinayenda motsatira mgwirizano umene tinasainirana, ndipo n'chifukwa chake ndaona kuti ndiilembe.

M'mwezi wa Febuluwale 2022 gululi linabwereka madola 120,000 kuti ligule makina ofinyira mafuta ophikira, sefa yake, ndi kumanga shedi. Maganizo anali abwino ndithu. M'malo mogulitsa mpendadzuwa kwa mavenda pa mtengo wolira nawo, azifinya okha, mafuta azigulitsa m'magolosale a pa Boma, pa Kamwendo mpaka ku Lilongwe, ndipo keke yotsala azigulitsa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba. Mgwirizano unati ngongole ibwezedwe m'zaka zinayi, madola 15,000 pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kuwonjezapo chiwongoladzanja cha ndalama yotsala. Chiwongoladzanjacho sichinali chokhazikika. Chinalembedwa kuti SOFR kuwonjezapo 7 peresenti. SOFR ndi mlingo wa chiwongoladzanja chimene mabanki a ku Amerika amabwerekana nacho madola usiku umodzi, ndipo nthawi imeneyo chinali pafupifupi ziro. Choncho ife tinkangoti ngongole ya 7 peresenti. Banki ya kuno inali itatiuza chiwongoladzanja choposa 20 peresenti pa ngongole ya makwacha. Ndani akanasiya 7 n'kukatenga 20?

Dola inali pa K820 kapena chapompo. Pa bolodi la mu ofesi ndinalemba ndi choko kuti ngongole yathu ndi K98.4 miliyoni, ndipo aliyense mu komiti anaisunga nambala imeneyi kumutu. Apa m'pamene panayambira vuto, ndipo mlandu wake ndi wanga. Gululi silinabwereke K98.4 miliyoni. Linabwereka madola 120,000. Nambala ya makwacha ija inali yoona tsiku limenelo lokha.

Sindinali wosadziwiratu. Ndinayesa kuwerengera kuti kwacha itagwa ndi 15 peresenti zingakhale bwanji, ndipo ndinapeza kuti phindu la mafuta likwanira. Ndinaima pamenepo, ngakhale ndinkakumbukira bwinobwino za mu Meyi 2012 pamene dola inalumpha kuchoka pa K168 kufika pa K250. Munthu ukafuna chinthu, mayeso umasankha oti ukhoze.

Zimene zinkachitika kutali

Patangopita mwezi umodzi chisainireni, mu Malichi 2022, banki yaikulu ya ku Amerika inayamba kukweza chiwongoladzanja chake. Kwawoko mitengo ya zinthu inali itathawa, mpaka kukwera kwake kunafika 9.1 peresenti mu Juni chaka chomwecho, ndipo mankhwala amene mabanki aakulu amadziwa ndi kudulitsa ndalama. Anakweza kakhumi ndi kamodzi, kuchoka pafupi ndi ziro kufika pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti mu Julaye 2023.

Izi zimaipatsa bwanji mphamvu dola? Taganizani za munthu amene ali ndi ndalama zambiri zoti aike penapake zimuberekere. Pamene ku Amerika kunalibe phindu, ankalolera kukazibwereketsa ku Ghana, ku Kenya kapena ku Zambia, kumene phindu linali lalikulu ngakhale chiopsezo chinalinso chachikulu. Boma la Amerika litayamba kupereka 5 peresenti, popanda nkhawa yoti lilephera kubweza, ndalama zija zinayamba kubwerera kwawo. Kuti zibwerere, eni ake amayenera kugulitsa ndalama za maiko enawo n'kugula madola. Ofuna dola akachuluka, dola imakwera mtengo, monga chimanga mu Janyuwale. Pofika Sepitembala 2022 dola inali itakwera koposa m'zaka makumi awiri poiyerekeza ndi ndalama zikuluzikulu za padziko, moti ngakhale yuro inatsika kufika pochepera dola imodzi.

Kuno kwathu kwacha siyandama payokha, Banki Yaikulu ya Malawi imaigwirizira. Ndiye mphamvu ya dola sionekera tsiku ndi tsiku pa bolodi la ku banki. Imayamba yaonekera pa kusowa: mizere ya mafuta a galimoto, mabanki kukuuzani kuti mudikire, mtengo wa pamsika wakuda kutalikirana ndi wa boma. Kenako damu limaphulika kamodzi. Linaphulika kumapeto kwa Meyi 2022, kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti, dola n'kudutsa K1,000. Linaphulikanso pa 9 Novembala 2023.

Ndinene chilungamo apa, chifukwa pa misonkhano ndimamva anthu akukankhira zonse kwa Amerika. Kugwa kwa kwacha sikunabwere ndi dola yokha. Dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, boma limawononga zoposa zimene limatolera, nkhondo ya ku Ukraine inadulitsa feteleza ndi mafuta, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasakaza kum'mwera. Dola yamphamvu inapeza nyumba yofooka kale. Koma kwa wobweza ngongole ya madola, kaya dola yakwera kaya kwacha yagwa, chimene amaona ndi chimodzi: makwacha ofunika pa dola iliyonse achuluka.

Msonkhano wa mu shedi

Gawo loyamba, la mu Ogasiti 2022, tinalimva kuwawa koma tinapirira. Madola 15,000 amene tinkayembekeza kugula ndi K12.3 miliyoni anatidyera K15.5 miliyoni. Gawo lachiwiri ndi lachitatu tinabwezanso. Pofika kumayambiriro kwa Novembala 2023 tinali titabweza madola 45,000, kutsala 75,000. Dola inali itakwawa kufika pa K1,180, choncho ngongole yotsala inali K88.5 miliyoni. Pa 9 Novembala, Banki Yaikulu inaika dola pa K1,700. Madola 75,000 omwewo anasanduka K127.5 miliyoni. Usiku umodzi, popanda kubwereka ngakhale tambala, ngongole inakula ndi K39 miliyoni.

Loweruka lotsatira komiti inakumana mu shedi momwemo, titakhala pa matumba a mpendadzuwa, fungo la keke lili guu. Magetsi anali atazima, makina ali chete. Nditalemba manambala pa bolodi, mayi msungichuma, amene amasunga malisiti onse m'chikwama cha pulasitiki chomangidwa ndi mphira, anawatulutsa atatu aja n'kuwayala pa thumba.

"A akauntanti, tatiuzeni bwino. Tinatenga 98. Tabweza katatu, malisiti ndi awa. Ndiye mukuti tatsala ndi 127? Ameneyu si katapila?"

"Ayi mayi, si katapila. M'madola ngongole yatsika ndithu, kuchoka pa 120,000 kufika pa 75,000. Amene anatibwereka sanawonjezepo kanthu. Koma ife sitigulitsa mafuta m'madola."

A tcheyamani, bambo wachikulire amene analimapo fodya zaka zambiri asanatembenukire ku mpendadzuwa, ndi amene anafotokoza bwino kuposa ine. Anati zili ngati wabwereka matumba khumi a chimanga nthawi yokolola, n'kulonjeza kubweza chimanga chomwecho, koma iwe sulima chimanga, umaweta nkhuku. Nthawi yobweza ikafika mu Febuluwale, matumba akadali khumi, koma nkhuku zoti ugulitse kuti uwapeze zawirikiza. Wobwereketsa sanakubere. Kungoti unalonjeza chinthu chimene sukolola.

Pali kanthu kena kamene kanasokoneza anthu tsiku limenelo. Pa wailesi ankati kwacha yagwa ndi 44 peresenti, ena n'kumati ayi ndi 30. Onse ankanena zoona. Dola inakwera mtengo ndi 44 peresenti, kuchoka pa 1,180 kufika pa 1,700. Kwacha inataya pafupifupi 30 peresenti ya madola amene inkagula. Kwa wangongole, nambala yogwira ntchito ndi yaikuluyo. Ndipo dziwani kuti kwacha ikataya theka la mphamvu yake, ngongole ya madola sikwera ndi theka, imawirikiza kawiri.

Gawo la Febuluwale 2024

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa gawo limodzi limeneli likuonetsa zonse.

Malinga ndi ndondomeko imene ndinalemba mu 2022, mu Febuluwale 2024 tinayenera kulipira madola 15,000 ndi chiwongoladzanja cha miyezi isanu ndi umodzi pa madola 75,000 otsala. Pa 7 peresenti, chiwongoladzanjacho ndi madola 2,625. Zonse pamodzi madola 17,625, ndipo pa K820 zikanakhala K14.5 miliyoni.

Zimene zinabwera ndi zina. SOFR inali itatsatira banki yaikulu ya ku Amerika kufika cha pa 5.3 peresenti, choncho chiwongoladzanja chathu chinali 12.3. Pa madola 75,000 kwa theka la chaka, amenewo ndi madola 4,612. Gawo lonse linakhala madola 19,612, ndipo pa K1,700 linafika K33.3 miliyoni. Tinakonzekera 14.5, tinapatsidwa 33.3.

Mukaigawa ndalama yowonjezerekayo, mupeza kuti kukwera kwa chiwongoladzanja pakokha, dola ikanakhala pa K820, kukanawonjeza K1.6 miliyoni yokha. Yotsalayo, yoposa K17 miliyoni, inabwera ndi mtengo wa dola. Ine mu 2022 maso anga onse anali pa chiwongoladzanja, 7 poyerekeza ndi 20, pamene njoka inali pa mtengo wosinthira. Koma onaninso kuti ziwirizi sizinabwere mwangozi nthawi imodzi. Gwero lake ndi limodzi. Chimene chimakweza chiwongoladzanja cha dola ndi chomwecho chimene chimaikweza mtengo, ndipo zikakumana zimachulukitsana, chifukwa chiwongoladzanja chokweracho nachonso chimagulidwa ndi dola yodula.

Wina angafunse kuti, kodi mafuta ophikira sanakwerenso mtengo? Anakwera, ndipo m'komiti ena ankadalira zimenezi. Koma ngongole sibwezedwa ndi mtengo wa botolo, imabwezedwa ndi phindu lotsala mukachotsa zonse zimene mwalowetsa. Mpendadzuwa unakwera, chifukwa mlimi naye akugula feteleza, sopo ndi mchere wodula, ndipo mukapanda kumuwonjezera amakagulitsa kwa venda ngakhale ali membala. Zigubu zinakwera, mayendedwe anakwera, zipangizo za makina zimene zimatha msanga zimachokera kunja. Mbali inayi, wogula wa pa Kamwendo malipiro ake sanakwere ndi 44 peresenti. Amene ankagula lita anayamba kugula theka, wa theka anayamba kugula timapepala tomanga. M'mabuku athu, phindu pa lita linachoka pa K400 kufika pa K550. Poyamba gawo lija likanafuna malita 36,000. Tsopano linkafuna malita oposa 60,000, pamene makinawo, ndi kuzimazima kwa magetsi, sanapitirirepo malita 50,000 pa miyezi isanu ndi umodzi.

Ndiye pali vuto lachitatu, limene silioneka pa pepala lililonse. Kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti madola muwapeza. Pa gawo la Ogasiti 2023 tinaika makwacha onse ku banki nthawi yake isanakwane, mapepala ali m'malo, koma tinadikira masabata asanu ndi awiri. Banki ikakhala ndi madola ochepa imayamba yaona za mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala, ndipo gulu la alimi la ku Mchinji lili kumchira kwa mzere. Wobwereketsa anatilipiritsa chindapusa cha kuchedwa. Mnyamata wina wa m'komiti anati bwanji tikagule kwa osintha ndalama a ku malire a Mwami. Ndinakana. Ndi zoletsedwa, mtengo wake ndi wokwera kwambiri, komanso ngongole yolembetsedwa imayenera kulipidwa kudzera ku banki ndi mapepala osonyeza kumene madolawo achokera. Chimene chinkandisowetsa tulo m'masabata amenewo n'chakuti kwacha ikanagwa tili pa mzere, makwacha amene tinaika aja sakanakwananso. Tinapulumuka ndi milungu yochepa chabe.

Boma nalo ndi chimodzimodzi

Nditamaliza kuwerengera za gululi ndinaona kuti ndalemba nkhani ya dziko lonse pa kapepala kakang'ono. Boma limatolera misonkho m'makwacha, monga ife timagulitsira mafuta m'makwacha. Ngongole zake zakunja zili m'ndalama zakunja. Dola ikakwera mtengo, gawo la bajeti lopita ku ngongole zimenezi limakula lokha, ngakhale nduna ya zachuma isanasaine ngongole yatsopano, ndipo ndalamayo imachotsedwa kwina: ku mankhwala, ku misewu, ku feteleza wotsika mtengo.

Chifukwa chake maiko osauka amabwereka m'madola n'chosavuta kumva. Wobwereketsa wakunja safuna kulipidwa m'ndalama imene ingasungunuke m'manja mwake, choncho chiopsezo cha kugwa kwa ndalama amachisiya kwa wobwereka. Amerika imabwereka m'ndalama yake yomwe, imene imasindikiza yokha. Ife dola sitingaisindikize. Tiyenera kuipeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi nyemba, kapena kupatsidwa, kapena kubwerekanso. Ndipo njira yobwerekanso ndi imene imatsekeka poyamba dola ikalimba, pa nthawi yeniyeni imene mukuifuna. Maiko ambiri sabweza ngongole zazikulu ndi ndalama za m'thumba, amatenga yatsopano n'kutsekera yakale. Obwereketsa akabweza ndalama zawo ku Amerika, yatsopanoyo imadula kwambiri kapena osapezeka n'komwe. Sri Lanka inalephera kulipira mu 2022, Ghana inaimitsa kulipira ngongole zake zambiri zakunja mu Disembala chaka chomwecho. Anansi athu a ku Zambia anali atagwa kale mu Novembala 2020, atalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja, kwacha yawo itafooka kwambiri chaka chimenecho. Si zachilendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Amerika inakwezanso chiwongoladzanja mwamphamvu, ndipo mu Ogasiti 1982 Mexico inalengeza kuti singathe kulipira, maiko ena ambiri n'kutsatira.

Ngongole zakunja za Malawi sizofanana zonse. Zambiri ndi za ku Banki ya Dziko Lonse, Banki ya Chitukuko ya mu Afirika ndi IMF, zimene zili ndi chiwongoladzanja chochepa ndi zaka zambiri zobwezera. Zimenezi zimalemera kwacha ikagwa, koma pang'onopang'ono. Zimene zinatsamwitsa boma ndi zamalonda, za ku mabanki awiri a mu Afirika othandiza zamalonda, Afreximbank ndi TDB, zodula ndiponso zofuna kubwezedwa msanga. Ngongole ya gulu lathu inali ya mtundu wachiwiriwu.

A tcheyamani anafunsa funso labwino: nanga anzathu a fodya, amene ku Chinkhoma ku Kasungu amagulitsa pa mtengo wa madola? Kwa iwo nkhani ndi yosiyanadi. Amene amapeza madola n'kubweza madola, kugwa kwa kwacha sikumusuntha pa ngongoleyo. N'chifukwa chake ngongole ya madola siyoipa payokha. Funso ndi lakuti ndalama imene mumapeza ndi imene munalonjeza kubweza ndi imodzi kodi. Dziko limene limagulitsa kunja zokwanira lingaisenze. Limene madola ake onse amathera kale pa mafuta ndi feteleza, amenenso amagulidwa m'madola omwewo, limapanikizika mbali zonse ziwiri.

Zimene tinachita

Tinali ndi njira zitatu. Yoyamba inali kugulitsa makina, imene inakanidwa msanga chifukwa mtengo wake sukanatseka ngongole.

Yachiwiri inali kubwereka makwacha ku banki ya kuno, kugula madola 75,000, n'kutseka ngongole yakunja yonse. Ambiri m'komiti anaikonda chifukwa anali atatopa ndi dola. Ndinawerengera nawo. Banki Yaikulu inali itakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo ife tinauzidwa cha pa 30. Pa K127.5 miliyoni, amenewo ndi K38 miliyoni pachaka, poyerekeza ndi K15.7 miliyoni pa ngongole ya madola. Kuti njirayi ipindule, dola inayenera kumakwera ndi 16 peresenti kapena kuposa chaka chilichonse. Zikhoza kutero, dziko lake ndi lino. Koma K38 miliyoni ikanatipha chaka choyamba chomwe, tisanaone phindu lake. Komanso madola 75,000 a nthawi imodzi akanachokera kuti, pamene 15,000 yokha inatitengera masabata asanu ndi awiri? Kusintha ngongole kupita ku makwacha kumathandiza kwacha isanagwe. Ikagwa kale, mumangokhomerera msomali pa zimene mwataya.

Tinatenga yachitatu. Tinalembera wobwereketsa gawo la Febuluwale lisanafike, osati litadutsa, ndipo tinatumiza mabuku onse, kuphatikizapo kuwerengera kwa malita kuja. Anavomera kuti mu Febuluwale tilipire chiwongoladzanja chokha, K7.8 miliyoni, ndipo madola 75,000 agawidwe m'magawo khumi a 7,500. Sanatikhululukire dola ngakhale imodzi, ndipo chiwongoladzanja chonse chimene tidzalipire pomaliza chakula. Tinapempha kuti chikhale chokhazikika, anakana.

Kenako tinayamba kufunafuna wogula keke wakunja wolipira m'madola, kuti gawo lina la zopeza zathu likhale m'ndalama ya ngongoleyo. Ogula a ku Chipata analipo, koma ankafuna kulipira m'makwacha a ku Zambia, amene nawo anali akugwa pamaso pa dola, ndiye sizikanatithandiza. Amene tinamupeza pambuyo pake amatenga keke ya madola pafupifupi 6,000 pa miyezi isanu ndi umodzi. Pamafunika chilolezo chotumizira katundu kunja, ndipo malamulo amafuna kuti gawo lina la madolawo lisinthidwe kukhala makwacha, choncho si onse amene amatsala mu akaunti ya ndalama zakunja. Oweta nkhuku a kuno anadandaula kuti keke yachepa, ndipo ena mwa iwo ndi mamembala athu omwe.

Gawo la Ogasiti 2024 linali madola 12,112. Dola inali pa K1,751, choncho linakwana K21.2 miliyoni, pafupifupi malita 38,500. Tinalipira mochedwa ndi masiku khumi ndi awiri. Mamembala sanagawane phindu chaka chimenecho, ndipo asanu ndi atatu anatuluka m'gulu. Pa bolodi la mu ofesi ngongole tsopano timailemba m'madola, ndipo m'munsi mwake mayi msungichuma amalemba mtengo wa dola wa Lolemba lililonse, wa ku banki kumanzere, umene amva kwa obwera ku Mwami kumanja.